Madzi a mvula akulowabe pansi pa chitseko chonsecho rabala ndinaika

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru abale. Chitseko chathu chakumaso ndi chathabwa, chimatsegukira mkati, ndiye mvula ikangobwera ndi mphepo madzi amalowa pansi pake mpaka kufika pakati pa balaza. Tinagula karabala kaja komata ndi guluu wake kale, tinamata mkati kumunsi kwa chitseko, fumbi linachepako ndithu koma madzi akulowabe ngati palibe chomwe tinachita, komanso pano mbali imodzi kayamba kumatuka chifukwa kamakhula pansi tikamatsegula. Ndigule chani chenicheni? Ndatopa ndi kukolopa usiku

Joza: Gulani ya bulashi mayi, ija ya aluminiyamu yokhala ndi tsitsi kumunsi. Imeneyo simatuka chifukwa mumamanga ndi masikuluu. Ine ndinaika kwanga nkhani inatha

Nachisale: Inunso a Joza bulashi ingatseke madzi? Ine ndili nayo ya bulashi pachitseko cha kukhitchini, fumbi ndi mphemvu zinasiya inde koma madzi amadutsa bwinobwino, tsitsi lija limangonyowa basi nkumadontheza mkati

Joza: Kwanga sadutsa

Nachisale: Kwanu kuli khonde lalikulu mwina, mvula sifika nkomwe pachitseko kkkk

Joza: Khonde lilipo inde koma sindiye kuti bulashi sikugwira ntchito

aPhiri Mmisiri: Mayi musagule kanthu kaye. Ndiyankheni zinthu zingapo. Tsekani chitseko, muyeze mpata wapansi ndi tepi malo atatu, kumbali ya mahinjesi, pakati, ndi kumbali ya loko. Rabala uja muyambe mwamuchotsa. Kenako mundiuze ngati simenti yapanja ili yofanana msinkhu ndi yamkati kapena pali kasitepe. Chachitatu, chitseko chikamatseguka mpata uja umachepa kapena umakula?

Make Tadala: Chabwino bambo, ndiyeza ndikafika kunyumba madzulo

Mjomba Wadala: Vuto limenelo ndi denga. Onani malata pamwamba pa khomopo, misomali ikamasuka madzi amatsata khoma mkati nkumaoneka ngati achokera pansi. Kwathu zinali choncho

Make Tadala: Ayi a Mjomba khoma ndi louma, madziwo ndimawaona ndi maso anga akulowa pansi pa chitseko

Mjomba Wadala: Oho ndiye ndinamva molakwika, komabe denga muonenso

Make Tadala: A Phiri ndayeza. Chitseko mulifupi ndi 81 cm. Mpata ku mahinjesi ndi 16 mm, pakati 12, ku loko 7. Kunja ndi mkati simenti ndi imodzimodzi, palibe sitepe, kungoti mkati muli matailosi ndiye mwakwerako pang'ono koma matailosiwo amayambira kuseri kwa chitseko, pansi penipeni pa chitseko ndi simenti. Ndikatsegula, kumbali ya loko kuja kumatsala pang'ono kukhudza matailosi, mwina 2 mm basi

aPhiri Mmisiri: Eya, pamenepa ndiye zayamba kumveka. Mavuto anu ndi awiri osiyana ndipo rabala womata uja sakanathana nalo ngakhale limodzi.

Loyamba ndi la mpata wosafananawo. 16 uku 7 uku, kusiyana kwa 9 mm pa chitseko cha 81 cm nkwambiri. Mwina simenti ndi yopendekeka, mwina chitseko chagwa mbali ya loko. Kuti mudziwe, yang'anani pamwamba pa chitseko chili chotseka. Ngati mpata wapakati pa chitseko ndi felemu kumwambako ndi waukulu kumbali ya loko kuposa kumbali ya mahinjesi, chitseko chagwa. Mutsegule pang'ono, mugwire pa loko nkunyamula mmwamba, mukamva kugwedera ndiye kuti masikuluu a hinjesi yapamwamba amasuka kapena hinjesiyo yadyeka. Zimenezi zikonzedwe poyamba, chifukwa mukaika chilichonse pansi pa chitseko chogwa, mwezi wamawa chigwanso pang'ono nkuyamba kukhula.

Lachiwiri ndi lomwe likumatula rabala wanu. Chitseko chikakhala chotseka chili pamwamba pa simenti pomwe pali potsika, chikatseguka chimayenda pamwamba pa matailosi pomwe pali pokwera. Rabala wotalika moti atseke 16 mm chili chotseka, ameneyo akangofika pa matailosi amapindika nkumakokeka, guluu sangapirire zimenezo. Mukamufupikitsa kuti asakhule pa matailosi, ndiye chikatsekedwa sakufika pansi. Mulimonse mwaluza. Njira yake ndi kukweza pansi pamene chitseko chimaima chikatsekedwa, kuika kachitsulo kopingasa pakhomo kaja, kuti rabala azikumana ndi kachitsuloko osati simenti. Akachoka pa kachitsulo azingoyandama pamwamba pa matailosi osakhudza.

Joza: Nchifukwa chake ndinanena bulashi, bulashi imapindika yokha pamalo okwera nkuwongokanso pamalo otsika

aPhiri Mmisiri: Pamenepo mukunena zoona a Joza, pansi posalingana bulashi imatsata bwino kuposa rabala ndipo simachita phokoso pokhula. Kwa fumbi, mphepo, tizilombo, ndi yabwino. Koma a Nachisale anenanso zoona, madzi oyenda pansi bulashi siingawaimitse, amadutsa pakati pa tsitsi lija. Ndipo ikamakhala yonyowa imagwira matope nkuuma gwa, kenako imayamba kukanda matailosi. Funso la mayiwa ndi madzi.

Make Tadala: Ndayesa kunyamula, chikugwedera ndithu, ndipo pamwamba kumbali ya loko mpata wake ndi wolowa chala chaching'ono. Ndiye chagwa eti. Zimenezi ndimuitane kalipentala kapena ndingathe ndekha?

aPhiri Mmisiri: Yesani kumanga masikuluu a hinjesi yapamwamba. Akamangozungulira osagwira ndiye kuti bowo lakula. Ngati ndi mu thabwa, tulutsani sikuluu, mukhomere kamtengo kopaka guluu wa matabwa m'bowomo, kaume, mudule chotsalira nkumanganso, kapena muike sikuluu wotalikirapo. Chotsani imodzi imodzi osati onse nthawi imodzi, ndipo muike kathabwa pansi pa chitseko kumbali ya loko kuti kachinyamule pamene mukugwira. Ngati felemu ndi yachitsulo ndipo hinjesi ndi yowotcherera ndiye yapindika, pamenepo mufunika munthu. Mukakonza muyezenso, manambala aja asintha, mwina mupeza 16, 14, 12 kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo ku matailosi kuja mpata ukula.

Nachisale: A Phiri koma ine ndifunseko, kachitsulo kapansiko kokha sikokwanira? Ndimaona ngati madzi akagunda pamenepo abwerera

aPhiri Mmisiri: Zimatengera madziwo akuchokera kuti, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Madzi olowa pansi pa chitseko amabwera njira ziwiri. Ena amayenda pansi kuchokera pakhonde chifukwa simenti yapendekekera kunyumba kapena mphepo ikuwakankha. Ena amamenya pachitseko penipenipo, nkutsetsereka mpaka kumunsi, ndiye akafika m'mphepete mwapansi sagwa pomwepo ayi, amakakamira thabwa nkuzungulira kunsi kwa chitseko, kukadontha mkati. Amenewa kachitsulo kapansi sikawaona nkomwe, amadontha kuseri kwake kapena pamwamba pake nkulowa.

Mayi, tsiku lopanda mvula chitani izi. Munthu mmodzi akhale mkati chitseko chili chotseka. Inu panja thirani madzi pansi pokha, mita imodzi kuchokera pakhomo, pang'onopang'ono, chitseko musachinyowetse. Onani kumene akupita. Akamathamangira kukhomo ndiye njira yoyamba ija. Kenako mupukute, paume, ndiye muthire pachitseko penipeni cha pakati kuti atsetsereke okha. Wamkati uja anene pamene ayambira kuoneka, pakati kapena m'makona. Musathire zonse nthawi imodzi chifukwa simudziwa kuti alowa ndi ati.

Dalitso wa Magetsi: Ine ndikungowerenga koma ndikuphunzira. Mpata wa 12 mm pa chitseko cha 81 cm ndawerengetsa apa ndi pafupifupi 97 cm², ndiye kuti bowo la 10 cm uku 10 cm uku lili pakhoma usiku wonse. Nchifukwa chake udzudzu sumatha mnyumba chonsecho mawindo onse ali ndi sefa

Nachisale: Komatu eti. Ndipo mbewa imangofuna mpata wa 6 mm kapena 7 basi, pomwe pangalowe pensulo

Joza: Mbewa rabala imadya, ndinaonapo. Bulashinso imadya. Palibe chomwe mungachite

aPhiri Mmisiri: Imadya inde makamaka m'makona. Amene ali ndi vuto la makoswe amakhoma kachitsulo kopyapyala kumunsi kwa chitseko kuti mpata wotsala ukhale wochepera 6 mm, rabala nkumangotseka kotsalako. Koma tisachoke pa nkhani ya mayiwa.

Make Tadala: Ndabweranso. Mahinjesi tamanga, anali masikuluu awiri omasuka, pano mpata ndi 16, 15, 13 ndipo pa matailosi chikudutsa ndi 6 mm kapena 7. Madzi tayesanso ndi mwana wanga. Othira pansi sanabwere kukhomo kwenikweni, amapita kumbali nkutsikira kunja, kungoti pafupi ndi khomo pali kamalo kolowa pomwe amadikha pang'ono. Koma othira pachitseko eee, alowa nthawi yomweyo, mzere wonse, kwambiri kona ya ku mahinjesi

aPhiri Mmisiri: Ndiye mwayi wanu, khonde lanu silofunika kuswa. Mufunika zinthu ziwiri ndipo chachikulu ndi chapanja, chimene simunachiganizire nkomwe chifukwa rabala munamata mkati. Panja kumunsi kwa chitseko pamafunika kachitsulo kapena kathabwa kopendekeka, kotulukira kunja 25 mm mpaka 40 mm, kokhala ngati kadenga kakang'ono. Madzi otsetsereka pachitseko amagwera pamenepo nkutayidwa kutali ndi mpata. Ka aluminiyamu kamakhala ndi mlomo wopindikira pansi kuti dontho lidukire pomwepo. Ngati mukupangitsa kathabwa kwa kalipentala, mumuuze aseme kamzere kunsi kwake kufupi ndi nsonga, kakuya 5 mm kapena kuposerapo, chifukwa popanda kamzere kameneko madzi amakakamiranso kunsi nkubwerera kuchitseko momwe amachitira panopa. Pamwamba pake pomwe kakhudzana ndi chitseko mupake silikoni musanamange masikuluu, apo ayi madzi adutsa kuseri kwake.

Chenjezo limodzi poti chitseko chanu chimatsegukira mkati: kadengako kayenera kudutsa pakati pa felemu chitseko chikamatseguka. Ndiye simudula 81 cm ayi. Tsekani chitseko, muyeze panja pakati pa milomo iwiri ya felemu yomwe chitseko chimagundapo, muchotsepo 3 mm mbali iliyonse, ndipo kumbali ya loko mudule mopendeketsa pang'ono kuti nsonga isagunde felemu pozungulira. Komanso kunsi kwake kukhale pamwamba pa kachitsulo kapansi kaja, kuti potsegula kadutse osakola.

Chachiwiri ndiye kachitsulo kapansi. Ndi mpata wanu wa 13 mpaka 16, pezani kotalika 10 mm, pazitsala 3 mpaka 6 mm kuti rabala atseke. Rabala wake akhale wa mu kachitsulo komanga ndi masikuluu, kokhala ndi mabowo ataliatali aja, chifukwa mabowo amenewo ndi amene amakulolani kutsitsa mbali ya mahinjesi kwambiri kuposa ya loko. Ena amagulitsa zonse pamodzi, kadenga ndi rabala wake pansi, zimenezo ndi zabwinonso. Chongoonetsetsa ndi choti dontho lochoka pa kadenga ligwere kunja kwa kachitsulo kapansi, osati pamwamba pake.

Make Tadala: Kachitsulo kapansiko ndimamata kapena kuboola simenti? Dirilo ndilibe koma ndingabwereke

aPhiri Mmisiri: Zonse ziwiri. Mudule ndi hakiso kuti kalowe ndendende pakati pa felemu, muyeseze kaye chitseko chili chotseka kuti muone pomwe rabala azigwera, mulembe ndi pensulo. Muboole simenti ndi biti ya 6 mm, mulowetse mapulagi apulasitiki. Kamalo kolowa mwanena kaja mukadzaze kaye ndi simenti, kaume masiku angapo. Kenako pansi pakhale poyera ndi pouma, muike mizere iwiri ya chomatira kunsi kwa kachitsulo kuchokera uku mpaka uku osadukiza, muikenso pang'ono m'mabowo a masikuluu, ndiye mumange. Malo omwe amisiri ambiri amaiwala ndi nsonga ziwiri zija pomwe kachitsulo kakumana ndi felemu. Madzi akagunda kachitsulo amayenda motsata iko kufuna potulukira, ndiye akapeza mpata wa 2 mm pakona alowa onse pamenepo. Pamenepo mudzaze bwinobwino. Tsiku lonse lathunthu pasapondedwe kapena kunyowa.

Silikoni musatenge wonunkha ngati viniga uja, ameneyo ali ndi asidi, pa simenti sagwira bwino ndipo zitsulo zina amazidya. Mufunse wosanunkha asidi, kapena chomatira cha poliyurefeni chomwe chimagwira kwambiri pa simenti. Rabalanso ngati pa paketi palembedwa EPDM ndi amene amapirira dzuwa, wapulasitiki wamba uja amauma nkuyamba kusweka.

Agogo a Chiso: Pepani ndilowererepo ana anga. Kachitsulo kopingasa pakhomoko ine ndimadana nako. Mwamuna wanga amayenda ndi ndodo ndipo mapazi sanyamula bwino, kunyumba kwa mwana wathu kuli kotere ndipo anapunthwapo. Madzi a mvula ndi kugwa kwa munthu wamkulu chabwino nchiti? Ine bola kukolopa

aPhiri Mmisiri: Agogo mwanena nkhani yeniyeni. Nchifukwa chake m'maiko ena malamulo a zomanga salola kuti pakhomo podutsa njinga ya olumala pakwere kupitirira 13 mm kapena 15, ndipo m'mbali mwake muzikhala mopendekeka osati mongoima. Kwa mayiwa 10 mm ndi kochepa, komanso matailosi awo ndi okwera kale pang'ono ndiye kachitsuloko kangokhala ngati poyambira matailosi. Koma kwa inu kuli mtundu wina wosafuna kachitsulo kotalika. Umakhala ndi kabatani kumbali ya mahinjesi, chitseko chikamatsekeka kabatani kamagunda felemu ndiye rabala amatsika yekha kukakhudza pansi, mukatsegula amakwera. Sukhula pansi konse. Pamodzi ndi kadenga kapanja zimathandiza ndithu.

Dalitso wa Magetsi: Wotsika wokhawo ndinauonapo, koma amati umafuna kusema mzere kunsi kwa chitseko eti? Zitseko zamphako zija zingatheke?

aPhiri Mmisiri: Ulipo wolowetsa mu mzere, ulipo womanga pamwamba ngati ena onsewa. Chitseko champhako thabwa lake lakunsi ndi laling'ono, mukasema mzere wakuya mutha kulimaliza lonse, ndiye pamenepo tengani womanga pamwamba. Koma chitseko champhako sichoyenera kukhala panja pomenyedwa ndi mvula poyamba pomwe.

Nachisale: Ine wotsika wokhawo sindikuukhulupirira pa madzi. Pansi pakakhala pa fulati popanda chotchinga, mphepo ikamakankha madzi rabala yekha angalimbe? Komanso mchenga ukalowa mu kasipuling'i kake kamkati mmati chimachitika nchani

aPhiri Mmisiri: Pa mvula yamkuntho yomenya molunjika pakhomo sungafanane ndi kachitsulo kapansi, zimenezo sindikana. Umafunanso pansi posalala, pa mizere ya matailosi pamatsala timipata. Za mchenga zimatengera mtundu, ena amakhala zaka, ena amayamba kukakamira msanga. Kwa agogo ndikanayamba ndi kadenga kapanja kokha ndione kuti madzi achepa bwanji.

Agogo a Chiso: Ndiwauza anawa ayese kadengako. Koma zopingasa pansi ayi

Joza: Ine funso langa ndi lina, mukatseka mpata wonse chonchi mnyumba mupuma bwanji? Kwanga chitseko cha kubafa nditaika bulashi khoma linayamba nkhungu

aPhiri Mmisiri: Cha kubafa simumayenera kutseka a Joza, chotsani. Mpata wa pansi pa chitseko cha bafa, wa 10 mm kapena apo, ndi umene umalowetsa mpweya kuti chinyezi chituluke pawindo kapena pa fani. Zotsekazi ndi za zitseko zakunja. Ndipo ngati m'chipinda mumayatsa makala, parafini kapena gasi, mpweya uzikhala ndi polowera pena, utsi wa makala uli ndi mpweya wakupha wosanunkha, anthu amangogona osadzukanso. Makala oyaka asagone mnyumba ngakhale chitseko chikhale ndi mpata.

Mjomba Wadala: Nanga bwanji kungoika chiguduli kapena thumba la mchenga pansi pa chitseko mvula ikamabwera, zonsezi nzambiri

Nachisale: Chiguduli chimamwa madzi nkuwapereka ku thabwa a Mjomba, chitseko chimafufuma kenako kuola kumunsi. Ndipo mvula ikabwera inu kulibe aika ndani

aPhiri Mmisiri: Mwandikumbutsa a Nachisale. Mayi, musanamange chilichonse pisani dzanja kapena kagalasi kunsi kwa chitseko muone ngati kunapakidwa penti. Kawirikawiri opaka penti amasiya kunsiko poti sikuoneka, pomwe ndi kumene thabwa limamwera madzi kwambiri. Ngati nkosapaka, chichotseni chitsekocho pa mahinjesi, chiume bwino padzuwa pang'ono kapena pamthunzi podutsa mphepo, mupake penti kapena vanishi kawiri. Mukapanda kutero chizifufuma nthawi ya mvula nkumabwerera nthawi yotentha, ndiye rabala amene munamulinganiza bwino lero adzayamba kulimba kutseka kapena kusiya mpata.

Polinganiza rabala, lowetsani pepala pansi pake chitseko chili chotseka nkulikoka. Lizituluka mokakamira pang'ono malo onse atatu aja. Likang'ambika mwatsitsa kwambiri, rabala atha msanga ndipo loko azivuta. Usiku muyatse tochi panja wina ayang'ane mkati, pomwe pakuoneka kuwala mpomwe padutse udzudzu.

Make Tadala: Ndapisa dzanja, kunsi kulibe penti ngakhale pang'ono ndipo kona ya ku mahinjesi kukumveka kofewa, chikhadabo chikulowa. Pamenepo sikuluu agwira?

aPhiri Mmisiri: Bayani ndi sikuludilaiva muone kufewako kwafika pati. Ngati ndi 5 mm kapena 10 kuchokera kunsi, masikuluu a kadenga amakhala kumtunda kwa pamenepo ndiye agwira, mungopala chofewacho nkupaka. Ngati ikulowa mpaka 3 cm kapena 4, kalipentala adule kachigawo kameneko alowetse thabwa lina, ndipo manambala a mpata aja muyezenso akamaliza musanagule kachitsulo kapansi.

Make Tadala: Yalowa pafupifupi 2 cm pakona pokhapo, kwina konse nkolimba

Joza: 2 cm ingodzazani ndi fila wa matabwa basi

Nachisale: Fila pamalo onyowa amagwa a Joza

aPhiri Mmisiri: Tumizani chithunzi cha konayo chitseko mutachichotsa pa mahinjesi, chooneka kunsi ndi mbali ya hinjesi yapansi. Ngati kuolako kwayandikira masikuluu a hinjesi ndiye nkhani ina, fila sangathandize.